Funso kapena Haipothesisi: Phunziro la Ndalama Zochoka ku Parklands

Parklands ndi dera la kumpoto kwa mzinda wa Cape Town, moyandikana ndi Table View ndi Blouberg, ndipo Dunoon ili chapafupi pomwepo. Amalawi ambiri amachita lendi m'nyumba ndi m'mafuleti a m'derali, ena amangobwerako kudzagwira ntchito za m'nyumba, za m'magadeni, za m'malesitilanti ndi zomangamanga. Mwezi ukatha, gawo la malipiro awo limalowera ku Mzimba, ku Nkhata Bay, ku Mangochi ndi maboma ena, kudzera ku Mukuru ndi makampani ena otumiza ndalama, kapena m'manja mwa munthu wodalirika amene wakwera basi yopita kumudzi. Wophunzira amene wasankha kufufuza za ndalama zimenezi amapeza kuti pepala lopemphera chilolezo cha kafukufuku lili ndi malo awiri: ena olembapo mafunso a kafukufuku, ena olembapo mahaipothesisi. Ambiri amangodzaza ponse pawiri, poganiza kuti malo osiyidwa opanda kanthu amaonetsa ulesi. Mfundo ya mutu uno ndi yakuti kafukufuku aliyense amafuna funso, koma haipothesisi imafunika pokhapokha wofufuza atadziwa kale nkhaniyo mokwanira kuti angathe kunena yankho limene akuliyembekezera, chifukwa chake, komanso zimene zikapezeka zingamutsutse. Kupanda zitatuzi, haipothesisi ndi chokongoletsa chabe, ndipo nthawi zina imaononga ntchito.

Funso la kafukufuku limanena chimene sitikuchidziwa ndipo tikufuna kuchidziwa. Kulilemba kumaoneka kophweka, koma mafunso ambiri amafa asanabadwe chifukwa cha kukula. Munthu akalemba kuti "Kodi Amalawi a ku Joni amathandiza bwanji kwawo?" sanafunse kanthu, chifukwa palibe kafukufuku mmodzi amene angayankhe zimenezo. Amalawi ake ati, a ku Johannesburg, a ku Durban kapena a ku Cape Town? Thandizo lake liti, ndalama, katundu, kapena kuitana mng'ono wako kuti adzapeze ganyu? Funso lomwelo likasemedwa limamveka chonchi: "Kodi Amalawi ogwira ntchito za m'nyumba ndi za m'magadeni ku Parklands amasankha bwanji njira yotumizira ndalama kwawo, ndipo amaganizira zinthu ziti posankhapo?" Apa anthu atchulidwa, malo atchulidwa, chinthu chofufuzidwa chatchulidwa, ndipo wowerenga angathe kuona m'maganizo mwake wofufuzayo atakhala pansi ndi munthu Lamulungu masana, tsiku limene ambiri sapita kuntchito, n'kumamufunsa. Chinanso choti muone n'chakuti funsoli silinabise yankho m'kati mwake. Likanati "N'chifukwa chiyani Amalawi amathawa mabanki?" likanakhala litagamula kale kuti amathawa, pomwe mwina ena mabankiwo ndi amene amawakana chifukwa cha mapepala.

Haipothesisi ndi yankho loyembekezeredwa, lolembedwa umboni usanasonkhanitsidwe, m'mawu oti umboniwo ungathe kuligwetsa. Karl Popper, m'buku lake la mu 1934, anaumirira pa mfundo imeneyi: ganizo la sayansi limadziwika ndi kuti pali chinthu chimene chikaoneka, ganizolo lagwa. Tikalemba kuti "Kusintha kwa mphamvu ya kwacha kungakhudze katumizidwe ka ndalama mwanjira ina," sitinalembe haipothesisi, chifukwa ndalama zikakwera tinena kuti tinalondola, zikatsika tinenanso kuti tinalondola. Chiganizo chimene sichingagwe sichikutiuza kanthu. Haipothesisi ili ngati msampha wa mbewa: umautchera pa mpita umene waona kuti mbewa zimadutsapo, osati pena paliponse m'munda. Amene sanayende m'mundamo n'kuona mipita ayambe wayenda kaye, ndipo kuyendako ndiyo ntchito ya funso.

Tsopano tione nkhani imodzi imene haipothesisi ikuyenera. Mu Novembala 2023, banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, moti dola imodzi inachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 n'kufika pa 1,700. Kwa munthu wolandira marandi ku Parklands, izi zinatanthauza kuti randi iliyonse yotumizidwa pa mtengo wa boma inayamba kubala makwacha ochuluka. Funso likubwera lokha: kodi anthu anachita chiyani? Pali mayankho awiri omveka, ndipo ndi otsutsana. Loyamba likuti munthu amatumiza ndalama ali ndi chosowa chodziwika m'mutu, monga fizi ya mwana kapena thumba la chimanga, choncho randi ikakhala ndi mphamvu amachepetsa marandi otumiza. Tiyerekeze kuti ankatumiza R1,000 pamwezi. Kuti kumudzi alandire makwacha omwe aja, tsopano akungofunika kutumiza pafupifupi R700. Yankho lachiwiri likuti munthu amatumiza zimene angathe, ndipo akaona kuti randi ikugula njerwa ndi malata ambiri, amapitiriza ndi R1,000 yomweyo kapena kuwonjezerapo. Mayankho awiriwa sangakhale oona onse pa munthu mmodzi, ndipo manambala angathe kuwalekanitsa. Apa ndiye haipothesisi yapeza malo ake.

Komanso wofufuzayo sakuyamba pa mchenga. Dean Yang, mu kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2008, anayesa nkhani yonga yomweyi pa anthu a ku Philippines ogwira ntchito kunja pa nthawi ya mavuto a zachuma a ku Asia a mu 1997. Popeza anthuwo anali m'maiko osiyanasiyana, ndalama za ena zinakwera kwambiri poyerekeza ndi peso, za ena pang'ono, ndipo iye anatha kuyerekeza mabanja awo. Anapeza kuti ndalama ya kunja ikakwera ndi 10 peresenti, mapeso ofika kumudzi ankakwera ndi pafupifupi 6 peresenti. Ndiye kuti otumiza ankagawana phindulo ndi abale awo: kumudzi kunkafika zambiri, koma osati phindu lonse. Wofufuza wa ku Parklands, ataona zimenezi, angalembe kuti: "Pakati pa Amalawi a ku Parklands amene amatumiza ndalama kudzera ku makampani ovomerezeka, marandi otumizidwa pamwezi anatsika m'miyezi isanu ndi umodzi yotsatira Novembala 2023, poyerekeza ndi miyezi yomweyo chaka chapitacho." Chiganizochi chatchula anthu, chinthu choyezedwa, kumene chikuyembekezeka kulowera, ndi nthawi. Pambali pake pamakhala haipothesisi yokana, imene m'mabuku imalembedwa H0, yonena kuti panalibe kusintha kulikonse. Masamu a kafukufuku amayesa yokanayo, ndipo amangotiuza ngati manambala amene tapeza angakhale odabwitsa zikanakhala kuti palibedi chimene chinasintha.

Mawu akuti "miyezi yomweyo chaka chapitacho" sanalowemo mwangozi, ndipo akuonetsa chifukwa chake haipothesisi yabwino imalembedwa ndi munthu wodziwa moyo wa anthuwo. Novembala ndi nthawi yobzala ku Malawi, pamene foni ya munthu wa ku Joni imalira kwambiri chifukwa cha feteleza ndi mbewu. Disembala ndi wa Khirisimasi, ndipo ena amalandira bonasi. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala ndi ya fizi. Munthu amene angayerekeze Okutobala ndi Disembala wa chaka chomwecho adzapeza kuti ndalama zinakwera, n'kunena kuti ndi chifukwa cha kugwa kwa kwacha, pomwe zimakwera chaka chilichonse nthawi imeneyo. Mawu akuti "makampani ovomerezeka" nawo ali ndi ntchito yake. Amene ankasintha ndalama zake pamsika wa mseri ankalandira kale mtengo woposa wa boma, choncho chilengezo cha banki sichinamusinthire zambiri ngati mnzake wa ku Mukuru. Palinso chinthu chachitatu chimene wofufuza ayenera kuchilemba asanayambe: mitengo ya zinthu ku Malawi inakwera kwacha itagwa, moti fizi ndi thumba la chimanga sizinadikire pa mtengo wakale. Ngati marandi sanatsike, mwina sikuti anthu sankatumiza molinga ndi chosowa, koma kuti chosowacho chinakula. Zonsezi munthu sazipeza m'buku la masamu. Amazipeza pofunsa.

Ndiye chifukwa chake funso limatsogola. Taganizirani wofufuza wina amene akufuna kumvetsa mmene Amalawi a ku Parklands amathandizirana pakagwa maliro: ndani amayendetsa mndandanda wa zopereka, mpingo ndi gulu la anthu a boma limodzi zimagawana bwanji udindo, amagwirizana bwanji zoti thupi lipite kumudzi kapena liikidwe ku Cape Town konko, ndipo amene sanasonkhe amaonedwa bwanji. Pa nkhani yotere wofufuza sadziwa n'komwe zinthu zoyenera kuyeza. Akakakamizidwa kulemba haipothesisi, adzalemba zonga "Amene amapemphera amasonkha kwambiri kuposa amene sapemphera," kenako adzapanga mafunso a inde kapena ayi otsata ganizo limenelo, ndipo chinthu chenicheni chimene chimayendetsa zoperekazo, kaya ndi ubale wa kumudzi, kaya ndi gulu la pa WhatsApp, kaya ndi ngongole ya amene anakulandira utangofika, chidzamudutsa osachiona chifukwa analibe malo ochilembapo. Barney Glaser ndi Anselm Strauss, mu 1967, analemba buku lonse poteteza njira yoyamba ndi kumvetsera anthu, kuti maganizo ofotokozera zinthu atuluke m'zimene zamvedwazo. Kafukufuku wotere akatha bwino amabala mahaipothesisi oti ena adzayese. Sayamba nawo.

Pali otsutsa, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Oyamba amati lamulo ndi losavuta: kafukufuku wa manambala amafuna haipothesisi, wa kucheza ndi anthu amafuna funso. Lamuloli limalondola kawirikawiri, koma chifukwa chake si chimene anthu amaganiza, ndipo limasocheretsa pa nkhani zongowerenga. Kalembera wa anthu wa ku South Africa wa mu 2022, kapena wa ku Malawi wa mu 2018, ndi manambala okhaokha, koma palibe haipothesisi imene ankayesa. Ankayankha funso lakuti anthu alipo angati, ali kuti, amakhala motani. Chimodzimodzi, wofufuza amene akufuna kudziwa kuti mwa Amalawi a ku Parklands ndi angati amatumiza ndalama mwezi uliwonse, ndipo ndi zingati, akufunsa funso la manambala limene silifuna haipothesisi. Kulemba kuti "Oposa theka amatumiza mwezi uliwonse" ndi kungolota nambala. Zikapezeka kuti ndi 48 kapena 52 pa 100 alionse, palibe ganizo lililonse la momwe anthu amakhalira limene lagwa kapena kuima. Chosiyanitsa chenicheni ndi chakuti kafukufukuyo akufotokoza mmene zinthu zilili, kapena akuyesa ngati chinthu china chimayenda ndi chinzake kapena kuchichititsa.

Otsutsa achiwiri amati palibe munthu amene amapita kukafufuza mutu uli mbee. Aliyense ali ndi zimene akuganizira, ndiye bwanji osazilemba poyera n'kuzitcha haipothesisi? Theka la mfundoyi ndi loona. Wofufuza amene anakulira ku Mangochi ali ndi maganizo ake pa za anthu a ku Joni, ndipo ndi bwino awalembe penapake kuti owerenga adziwe kumene waima. Koma kukhala ndi ganizo n'kosiyana ndi kupanga kafukufuku woti aliyese. Dzina lakuti haipothesisi ndi lonjezo kwa wowerenga lakuti anthu anasankhidwa, mafunso anakonzedwa, ndipo chiwerengero chawo chinawerengeredwa m'njira yoti ganizolo likhoza kugwa. Munthu amene wacheza ndi anthu khumi ndi asanu n'kulemba kuti "haipothesisi yanga yatsimikizika" walonjeza chimene sanachite. Anthu khumi ndi asanuwo angakuphunzitse zambiri za mmene zinthu zimachitikira, koma sangakuuze kuti zimachitika kwa angati. Ndipo ngakhale kafukufuku wamkulu sanena kuti watsimikiza. Amati umboni wagwirizana ndi ganizolo kapena sunagwirizane nalo.

Otsutsa achitatu amaloza mbali ina, ndipo awa ndi amene ayenera kumvedwa kwambiri. Amati funso lokha limapatsa wofufuza ufulu woopsa, woti afufuze m'manambala mpaka apeze kena kake kosangalatsa. Izi zimachitikadi. Tiyerekeze kuti munthu wafunsa anthu 200 ku Parklands, ndipo ali ndi zinthu makumi awiri zoyerekeza ndi ndalama zotumizidwa: zaka, boma lochokera, chipembedzo, mtundu wa ntchito, kukhala pabanja, ndi zina. Akayesa chilichonse pa mlingo wozolowereka wa p < 0.05, mwayi woti chimodzi chioneke ngati chili ndi tanthauzo, ngakhale zitakhala kuti palibe chilichonse chogwirizana, ndi pafupifupi 64 pa 100. Akapeza kuti a boma lakutilakuti amatumiza zambiri, amabwerera ku mutu woyamba wa pepala lake n'kulembamo haipothesisi yonena zomwezo, ngati kuti anaziganiza kale. Norbert Kerr analemba za mchitidwe umenewu mu 1998, ndipo n'chifukwa chake masiku ano ofufuza ambiri amalembetsa mahaipothesisi awo poyera asanatole umboni. Koma taonani kuti vuto pano si funso. Vuto ndi kuveka zotsatira za kufufuza chovala cha haipothesisi. Wofufuzayo akanalemba moona kuti anayerekeza zinthu makumi awiri popanda chimene ankayembekezera, ndipo chimodzi chinaoneka chosiyana, akanakhala atachita ntchito yabwino yosiyira wina poyambira. Chizindikiro cha pepala lodwala matendawa n'chosavuta kuchiona: mahaipothesisi ambirimbiri, onse olondola, ndipo palibe ngakhale imodzi imene ili ndi chifukwa chomveka chochokera m'kafukufuku wam'mbuyo.

Pali malire ena amene Parklands yeniyeniyo imaika, ndipo mabuku a njira za kafukufuku amawadutsa mwachangu. Masamu oyesera haipothesisi amaganiza kuti anthu ofunsidwa anasankhidwa mwamaere pa mndandanda wa anthu onse. Mndandanda wa Amalawi onse a ku Parklands kulibe, ndipo munthu amene mapepala ake anatha ntchito sangathamangire mlendo wonyamula fomu. Wofufuza amayamba ndi mpingo umodzi kapena munthu mmodzi, ameneyo n'kumulozera anzake, anzakewo n'kulozanso ena. Mapeto ake angapeze kuti ambiri mwa ofunsidwa ndi a boma limodzi ndi mpingo umodzi. Izi sizipha haipothesisi ya kugwa kwa kwacha ija, chifukwa imayerekeza munthu ndi iye mwini, chaka chino ndi chaka chatha, ndipo ngati munthuyo walola kuonetsa mauthenga a pafoni otsimikiza ndalama zimene anatumiza, manambala ake ndi odalirika kuposa a kukumbukira. Koma zimapha haipothesisi yonga yakuti "Anthu a ku Mzimba amatumiza zambiri kuposa a ku Mangochi," chifukwa kusiyana kumene kungapezeke kungakhale kwa mipingo iwiri imene wofufuza anayambirako, osati kwa maboma. Choncho musanalembe haipothesisi, dzifunseni ngati anthu amene mungathe kuwafikira angaiyesedi. Ngati sangathe, bwererani ku funso, ndipo munene momveka kuti zopezazo ndi za anthu amene munalankhula nawo.

Kafukufuku mmodzi angathe kukhala ndi zonse ziwiri, bola chilichonse chikhale pamalo pake. Wa ndalama za ku Parklands angakhale ndi funso lalikulu limodzi, lakuti kugwa kwa kwacha kwa mu 2023 kunasintha bwanji katumizidwe ka ndalama. Pansi pake pangakhale funso lofotokoza, la njira zimene anthu amatumizira ndi zifukwa zawo, loyankhidwa pocheza nawo, lopanda haipothesisi. Kenako haipothesisi imodzi ija ya marandi, yolembedwa macheza atatha koma manambala asanatoledwe, pamodzi ndi chiganizo chonena zimene zingaigwetse: marandi akapezeka kuti sanasinthe kapena anakwera, ganizo lakuti anthu amachepetsa randi ikalimba silinagwire pa anthu amenewa. Zotsatira zoterozo si kulephera, ndipo ziyenera kulembedwa mofanana ndi zogwirizana nazo. Mphunzitsi woyang'anira akaumirira kuti funso lililonse likhale ndi haipothesisi yake, wophunzira amuonetse mwaulemu kuti funso la njira zotumizira lilibe chinthu choyezedwa ndiponso lilibe chimene chingalitsutse. Malo a haipothesisi pa funso limenelo asiyidwe opanda kanthu, ndipo chifukwa chake chilembedwe m'chiganizo chimodzi.